Momwe mungasonkhanitsire zigamulo za bodi za chaka chonse m'kaundula wosavuta kufufuza

Maoditala akabwera, kapena msungichuma akafuna kulipira zinazake, funso limakhala lalifupi: kodi bodi inavomereza zimenezi, inavomereza ndalama zingati, ndipo linali liti? Yankho lilimo m'maminitsi, koma lamwazikana m'misonkhano inayi kapena isanu ndi umodzi, mwinanso ndi m'kapepala kena kamene mamembala anasayina popanda kukumana. Ntchito yomwe tikufotokoza pano ndi yotola zigamulo zonsezo n'kuziika m'tebulo limodzi la Excel, LibreOffice Calc kapena Google Sheets, kuti munthu azipeza yankho posefa, osati powerenganso masamba onse.

Kukopera mawu sikovuta. Povuta ndi poti bodi imabwerera ku nkhani imodzi kangapo pa chaka: imavomereza, kenako imawonjezera ndalama, kenako imatsimikiza zomwe inawonjezerazo, nthawi zina n'kufafaniza mbali ina. Kaundula amene sanakonzekere zimenezi amaoneka waudongo koma amapereka ziwerengero zabodza. Choncho malangizowa akhazikika kwambiri pamenepo.

Yambani ndi mulu wa mapepala, kompyuta ibwere pambuyo

Musanatsegule tebulo, lembani mndandanda wa misonkhano yonse ya chakacho ndi masiku ake. Musadalire foda ya maminitsi yokha, chifukwa chimene chikusowa m'fodamo simungachione. Tengani buku losayinamo obwera ku msonkhano, makalata oitanira mamembala ndi ma ajenda, muyerekeze. Njira ina yodalirika ndi yoyenda chobwerera m'mbuyo: maminitsi aliwonse amatchula tsiku la msonkhano wapitawo pamene akuvomereza maminitsi ake. Ngati maminitsi a Seputembala akuti "bodi yavomereza maminitsi a msonkhano wa pa 20 Juni ndi a msonkhano wapadera wa pa 11 Julaye", koma inu a Julaye mulibe, mwapeza dzenje loyamba.

Onjezerani pa mndandandawo zigamulo zimene zinayenda pa kalata, zija mamembala amasayina aliyense ali kwawo nkhani ikakhala yachangu. Izi ndi zimene zimatayika kwambiri, chifukwa nthawi zambiri zimatsalira mu imelo ya mlembi wa bodi. Zigamulo za makomiti, monga komiti ya zachuma, ziloweni m'kaundula pokhapokha ngati bodi inapatsa komitiyo mphamvu yogamula payokha. Ngati komiti inangolangiza, chigamulo ndi cha bodi pa tsiku limene inalandira malangizowo.

Gwiritsani ntchito maminitsi ovomerezedwa ndi osayinidwa ndi wapampando. Zolemba zoyamba zimasintha, ndipo chimene chimakonzedwa kawirikawiri ndi manambala. Apa pali vuto limene limabwera chaka chilichonse: maminitsi a msonkhano womaliza wa chaka amavomerezedwa pa msonkhano woyamba wa chaka chotsatira. Musadikire. Lowetsani zigamulo zake koma muzilembe kuti "maminitsi sanavomerezedwe", ndipo mudzabwerereko akadzasayinidwa.

Mafayilo muwapatse mayina oyamba ndi tsiku, chaka kutsogolo, kuti azidzindandalika okha.

```
2024-03-14_maminitsi_bodi.pdf
2024-08-09_chigamulo_pa_kalata.pdf
```

Ngati ena ndi ojambulidwa pa sikana, yesani kufufuza liwu limodzi ndi Ctrl+F. Likapanda kupezeka pamene mukuliona ndi maso, ndiye kuti fayiloyo ndi chithunzi chabe, ndipo iyenera kudutsa mu pulogalamu ya OCR, imene imasandutsa chithunzi kukhala malemba. Imathandiza pofufuza mawu, koma manambala musakopere kuchokera mmenemo. Imasokoneza 1 ndi 7, 0 ndi 8, ndipo chizindikiro cha koma chikakhala chosaoneka bwino imachitaya. Ndalama muziwerenga pa tsamba lenilenilo n'kuzitayipa nokha.

Kulekanitsa chigamulo ndi zokambirana

Tsopano werengani maminitsi onse muli ndi cholembera, mukuika chizindikiro pa ndime iliyonse imene bodi inamanga mfundo. Yang'anani mneni amene mlembi anagwiritsa ntchito. "Bodi yavomereza", "bodi yagamula", "bodi yapereka mphamvu kwa", "bodi yakana", "bodi yafafaniza": izi ndi zigamulo. "Bodi yamva lipoti", "bodi yakambirana", "mamembala anaona kuti ndi bwino": izi si zigamulo, ngakhale m'ndimemo mutakhala ndalama. Lipoti lonena kuti denga lifuna 6,000,000 silinapatse aliyense chilolezo chowononga 6,000,000.

Zokanidwa ndi zoimitsidwa kaye nazonso zilowe. Anthu ambiri amazisiya poganiza kuti kaundula ndi wa zovomerezedwa zokha, koma tsiku lina wina adzafunsa ngati nkhani yakutiyakuti inafikapo ku bodi, ndipo yankho loti "inafika pa 20 Juni, inakanidwa" ndi lamtengo wapatali kuposa kusowa kwa mzere.

Mudzapeza ndime zina zosamveka, monga "mamembala anagwirizana kuti ntchitoyi ipitirire", popanda ndalama kapena dzina la wopatsidwa ntchito. Musadzazire nokha zomwe mukuganiza kuti bodi imatanthauza, ngakhale mutakhala kuti munalipo m'chipindamo. Lowetsani mmene zalembedwera, danga la ndalama mulisiye lopanda kanthu, ndipo nkhaniyo muiike pa mndandanda wa mafunso opita kwa wapampando. Ngati chigamulo chikuloza ku pepala lina, monga "malinga ndi pepala lachitatu la ajenda", ndalama muzitenge m'pepalalo ndipo mulitchule ngati gwero.

Mzere umodzi, chinthu chimodzi chovomerezedwa

Lamulo la tebulo ndi ili: mzere uliwonse ukhale ndi chinthu chimodzi chokha chimene bodi inagamula. Osati msonkhano umodzi, osatinso ndime imodzi ya maminitsi, chifukwa ndime imodzi imatha kunyamula zinthu zitatu. Madanga okwanira ntchitoyi ndi awa, ndipo zilembo zake tidzazigwiritsa ntchito m'mafomula:

```
A Nambala    B Tsiku      C Gwero      D Nkhani
E Mtundu     F Chidule    G Ndalama    H Kusintha
I Khodi      J Muyezo     K Zofunika_kaye
L Kuyamba    M Momwe_chilili           N Chikukhudza
```

Ambiri mwa madangawa akudzifotokoza okha. Gwero ndi dzina la fayilo, nambala ya ndime ndi tsamba. Mtundu ndi gulu la chigamulo, monga kugula, kugulitsa, bajeti, ngongole, banki, antchito, malamulo. Magulu asapitirire khumi, ndipo muwatsekere ndi Data Validation kuti munthu azisankha pa mndandanda. Mukapanda kutero mudzakhala ndi "kugula", "Kugula katundu" ndi "zogula", ndipo sefa idzakuonetsani gawo limodzi mwa magawo atatu a zoona. Khodi ndi zilembo zitatu za mtundu wa ndalama, monga USD kapena EUR, malinga ndi muyezo wa ISO 4217. Ngakhale bungwe lanu limagwiritsa ntchito ndalama za mtundu umodzi, danga limeneli lisasowe, chifukwa thandizo limodzi lochokera kunja ndi lokwanira kuwononga masamu onse.

Nambala ya chigamulo iyambe ndi chilembo. Mukatayipa 3-7 kutanthauza msonkhano wa mwezi wachitatu, ndime 7, Excel imasandutsa zimenezo kukhala tsiku osakufunsani. B2024-03-7.2a singasinthidwe, ndipo m'chitsanzo chathu B akuimira msonkhano wa bodi, K akuimira chigamulo cha pa kalata. Ngati bodi yanu ili kale ndi manambala ake a zigamulo, tsatirani omwewo, muzingowonjezera a, b, c pamene mwagawa.

Madanga atatu ofunika kuwamvetsa bwino ndi Nkhani, Kusintha ndi Chikukhudza, ndipo amamveka bwino ndi chitsanzo.

Nkhani ya galimoto, kuyambira Malichi mpaka Disembala

Tiyerekeze bungwe limene bodi yake inakumana pa 14 Malichi 2024. Ndime 7.2 ya maminitsi ikuti bodi yavomereza kugula galimoto yatsopano pa mtengo wosapitirira 48,000,000 kuphatikiza msonkho, bola komiti ya zachuma ione kaye makotesheni atatu. Yavomerezanso kugulitsa galimoto yakale pa mtengo wosachepera 9,000,000. Ndipo yapereka mphamvu kwa mkulu wa bungwe ndi msungichuma kuti asayine mapepala onse.

Ndime imodziyi ikubala mizere itatu. Mzere wa a ndi wa kugula: Nkhani ndi GALIMOTO-YATSOPANO, Ndalama ndi 48000000, Muyezo ndi "malire apamwamba, msonkho ulimo", Zofunika_kaye ndi "makotesheni 3, komiti ya zachuma". Mzere wa b ndi wa kugulitsa: Nkhani ndi GALIMOTO-YAKALE, Ndalama ndi 9000000, Muyezo ndi "malire apansi". Mzere wa c ndi wa mphamvu yosayina, ndipo ulibe ndalama. Onani kuti danga la Muyezo likusunga chinthu chimene nambala payokha ikanachitaya. "Wosapitirira 48,000,000" si chimodzimodzi ndi "48,000,000": woyambayo akulola kugula pa 45,000,000, koma sakulola kuti 3,000,000 yotsalayo igulire zina.

Pa 20 Juni nkhaniyo ikubweranso. Mitengo yakwera, ndipo ndime 5.1 ikuti bodi yakweza malire kufika pa 52,500,000. Apa ndi pamene anthu amalakwa m'njira ziwiri. Ena amabwerera ku mzere wa Malichi n'kufufuta 48,000,000, kulembapo 52,500,000. Akatero ataya mbiri: ngati dipoziti inaperekedwa mu Epulo, palibenso chosonyeza malire amene ankagwira ntchito nthawi imeneyo. Ena amawonjezera mzere watsopano, zomwe ndi zolondola, koma powerengetsa danga la Ndalama amapeza 100,500,000, ngati kuti bodi inavomereza magalimoto awiri.

Njira yake ndi kusunga manambala awiri pa mzere uliwonse. Danga la Ndalama limanyamula nambala imene ili m'maminitsi, osasintha kanthu, kuti aliyense woyerekeza ndi tsambalo aipeze ili yomweyo. Danga la Kusintha limanyamula kuchuluka kwa ndalama zimene chigamulocho chawonjezera kapena kuchotsa pa zomwe zinavomerezedwa kale. Pa mzere wa Malichi, Kusintha ndi 48000000 chifukwa panalibe kanthu m'mbuyomo. Pa mzere wa Juni, Ndalama ndi 52500000 koma Kusintha ndi 4500000. M'danga la Chikukhudza mulembe B2024-03-7.2a, ndipo pa mzere wa Malichi musinthe Momwe_chilili kukhala "chasinthidwa", ndi kuikapo nambala ya chigamulo cha Juni. Kulozerana kukhale mbali zonse ziwiri, chifukwa munthu amene wagwera pa mzere wa Malichi yekha ayenera kudziwa pomwepo kuti nkhaniyo sinathere apo.

Mu Ogasiti zikudziwika kuti inshuwalansi ndi kulembetsa galimoto sizinawerengedwe. Mlembi akutumiza chigamulo pa kalata pa 5 Ogasiti chopempha 1,200,000 "yowonjezera", ndipo siginecha yomaliza ikufika pa 9 Ogasiti. Werengani mawu mosamala: cha Juni chinati "kufika pa", pamene ichi chikuti "yowonjezera". Choncho apa Ndalama ndi Kusintha ndi zofanana, 1200000. Timawu tiwiri timeneti ndi timene timasankha nambala yolowa m'danga la Kusintha, ndipo ngati maminitsi angoti "bodi yavomereza 52,500,000 ya galimoto" osanena ngati ndi malire atsopano kapena ndalama zapadera, limenelo ndi funso la kwa wapampando, osati lanu.

Pa 19 Seputembala bodi ikukumana n'kutsimikiza chigamulo cha pa kalata chija, ndipo maminitsi akubwerezanso 1,200,000. Mzere ulowe, popeza ndi chigamulo, koma Kusintha ndi 0. Pa 5 Disembala bodi ikufafaniza zogulitsa galimoto yakale chifukwa ofesi ina ikuifuna. Mzere watsopano, Nkhani GALIMOTO-YAKALE, Kusintha -9000000, ndipo mzere wa b wa Malichi ukhale "chafafanizidwa".

```
Nambala        Tsiku       Ndalama   Kusintha
B2024-03-7.2a  2024-03-14  48000000  48000000
B2024-06-5.1   2024-06-20  52500000   4500000
K2024-08-1     2024-08-09   1200000   1200000
B2024-09-4.3   2024-09-19   1200000         0
```

Mukaphatikiza danga la Ndalama pa mizere inayiyi mupeza 102,900,000. Mukaphatikiza la Kusintha mupeza 53,700,000, ndipo imeneyi ndi imene bodi inalola kuti iwonongedwe pa galimoto yatsopano pofika kumapeto kwa chaka. Ndikulangiza kuti pamutu pa danga la Ndalama muikepo kachenjezo koti lisaphatikizidwe, chifukwa wodzagwiritsa ntchito tebuloli pambuyo panu dzanja lake lidzathamangira pomwepo.

Danga la Nkhani ndi limene likumanga mizere inayiyi pamodzi. Maminitsi a Malichi angati "galimoto", a Juni "pikapu", a Ogasiti "inshuwalansi", ndipo kufufuza liwu limodzi sikungaipeze yonse. Dzina la nkhani mulisankhe kamodzi, mulilembe pa tsamba lapadera la mayina a nkhani, ndipo muzilikopera kuchokera pamenepo. Onaninso chifukwa chimene tinapatsira galimoto yakale dzina lakelake ndi Mtundu wa "kugulitsa": 9,000,000 ija ndi ndalama zolowa, ndipo siyenera kusakanikirana ndi zotuluka.

Ndalama za mwezi ndi mwezi

Pali mtundu wina wa chigamulo umene umafuna kuti musankhe njira n'kuimamatira. Tinene kuti bodi yavomereza lendi ya 650,000 pa mwezi kwa miyezi 24 kuyambira pa 1 Okutobala 2024. Manambala oona alipo atatu: 650,000 ya pa mwezi, 1,950,000 ya miyezi itatu yogwera m'chaka cha 2024, ndi 15,600,000 ya mgwirizano wonse. M'danga la Ndalama mulowe 650000, popeza ndi imene yalembedwa, Muyezo ukhale "pa mwezi, miyezi 24". M'danga la Kusintha ine ndimaika 15600000, chifukwa chimene bodi yamangirira bungwe ndi mgwirizano wonse, osati mwezi umodzi. Ena amakonda gawo la chakacho kuti ziyenderane ndi bajeti. Zonse ziwiri n'zotheka, koma lembani njira imene mwasankha pa tsamba loyamba la fayilo, ndipo musaisinthe pakati pa tebulo.

Bajeti ya chaka nayo isaphatikizidwe ndi zogula. Kawirikawiri galimoto ija imakhala ilimo kale m'bajeti imene bodi inavomereza, ndiye kuphatikiza zonse ndi kuwerenga ndalama imodzi kawiri. N'chifukwa chake nthawi zonse powerengetsa muzisankha Mtundu umodzi kapena Nkhani imodzi. Chiwerengero cha tebulo lonse pansi penipeni sichitanthauza kanthu, musachiikepo n'komwe.

Tsiku lake ndi liti?

Chigamulo chimodzi chimatha kukhala ndi masiku atatu: tsiku limene bodi inagamula, tsiku limene chikuyamba kugwira ntchito, ndi tsiku limene maminitsi anasayinidwa. Danga la Tsiku ndi la loyambalo. Danga la Kuyamba ndi la lachiwiri, monga 2024-10-01 pa nkhani ya lendi, kapena tsiku limene komiti ya zachuma inaona makotesheni pa nkhani ya galimoto. Ngati zofunika kaye sizinakwaniritsidwe, Kuyamba kukhale kopanda kanthu ndipo Momwe_chilili chinene kuti "chikudikira". Tsiku losayina maminitsi lisalowe m'malo mwa tsiku la msonkhano, ngakhale ndi limene limaoneka bwino pansi pa tsamba.

Pa chigamulo cha pa kalata, tsegulani malamulo oyendetsera bungwe lanu muone chimene akunena. Ena amafuna kuti mamembala onse asayine, ena amalola chiwerengero chinachake. Tsiku lake ndi limene siginecha zinakwana malinga ndi malamulowo, osati limene mlembi anatumiza kalatayo. M'chitsanzo chathu tatenga kuti onse ayenera kusayina, n'chifukwa chake talemba 9 Ogasiti osati 5. Kusiyana kwa masiku anayiwo kumakhala nkhani yaikulu ngati inshuwalansi inalipiridwa pa 7.

Masiku muziwatayipa chaka kutsogolo, kenako mwezi, kenako tsiku, monga mmene muyezo wa ISO 8601 umanenera: 2024-03-14. Kulemba 03/04/2024 n'kudziika m'mavuto, chifukwa kompyuta ina idzawerenga 3 Epulo, ina 4 Malichi, malinga ndi mmene inatcheredwera, ndipo palibe chenjezo lililonse. Sankhani danga lonse muliike mawonekedwe a yyyy-mm-dd. Dziwaninso kuti Excel imasunga tsiku ngati nambala. 1 Januwale 2024 ndi 45292. Choncho tsiku lenileni limatha kusefedwa ndi kuwerengetsedwa, pamene tsiku lolowa ngati malemba limaoneka chimodzimodzi koma fomula imalidumpha mwakachetechete. Chimodzimodzinso ndalama: tayipani 48000000 yokha, popanda chizindikiro cha ndalama, popanda mipata, popanda mawu ngati "miliyoni". Makoma olekanitsa masauzande aikidwe ndi mawonekedwe a danga. Chizindikiro chofulumira n'choti manambala enieni amatsamira kumanja kwa kabokosi, malemba kumanzere, ngati simunasinthe nokha.

Kulemba chidule

Chidule chikhale chiganizo chimodzi choyamba ndi mneni wa m'maminitsi, chotchula chinthucho ndi wopatsidwa mphamvu. Musakometse. Ngati maminitsi akuti "yavomereza kuti akambirane ndi banki za ngongole", musalembe "yavomereza ngongole". Mayina a makampani muwalembe mokwanira ndi mofanana paliponse, chifukwa anthu ambiri amafufuza ndi dzina la kampani. Anthu muziwatchula ndi maudindo awo, kupatula pa zigamulo zosankha munthu kapena zoika osayinira ku banki, pamene dzina ndiye chigamulocho.

Kusefa ndi kuwerengetsa

Mizere ikakwana, mu Excel dinani kabokosi kamodzi m'kati mwake n'kukanikiza Ctrl+T kuti likhale tebulo lokhala ndi sefa pamutu pa danga lililonse. Mu Calc ndi AutoFilter, mu Google Sheets ndi Create a filter. Musalumikize mabokosi, musasiye mizere yopanda kanthu polekanitsa misonkhano, ndipo musaike mitu ngati "MSONKHANO WA JUNI" pakati pa tebulo. Zonsezi zimakongoletsa pepala koma zimathyola sefa. Chaka chonse chikhale pa tsamba limodzi.

Kuti mudziwe zonse zovomerezedwa pa nkhani imodzi, komanso mmene malire analili pa tsiku linalake:

```
=SUMIFS(H:H,D:D,"GALIMOTO-YATSOPANO")
=SUMIFS(H:H,D:D,"GALIMOTO-YATSOPANO",B:B,"<="&DATE(2024,7,31))
```

Yoyamba ipereka 53,700,000. Yachiwiri ipereka 52,500,000, malire amene analipo kumapeto kwa Julaye, ndipo ili ndi funso limene maoditala amafunsa: pa tsiku lolipira, chilolezo chinali cha zingati? Pa makompyuta ena fomula imafuna chizindikiro cha ; m'malo mwa chizindikiro cha koma. Ngati muli ndi ndalama za mitundu iwiri, onjezerani danga la I m'fomula. Ndipo mukasefa tebulo n'kufuna kuphatikiza zooneka zokha, musagwiritse ntchito SUM, chifukwa imawerenga ndi mizere yobisika yomwe. Yoyenera ndi iyi:

```
=SUBTOTAL(109,H2:H300)
```

Kuyesa ngati kaundula ndi woona

Kuyesa koyamba n'kwa makina. Mafomula awiri oyambawa ayenera kupereka 0, ndipo wachitatu, mukamukokera pansi pa mizere yonse, ayenera kupereka 1 paliponse.

```
=COUNTA(B2:B300)-COUNT(B2:B300)
=COUNTA(H2:H300)-COUNT(H2:H300)
=COUNTIF(A:A,A2)
```

Nambala yoposa 0 ikutanthauza kuti pali tsiku kapena ndalama zimene zalowa ngati malemba. Nambala 2 pa wachitatu ndi chigamulo cholowa kawiri kapena nambala yobwerezedwa. Kenako sefani danga la Tsiku muone masiku onse amene alimo: lililonse liyenera kupezeka pa mndandanda wa misonkhano uja munalemba poyamba. Tsiku lachilendo ndi zala zaterereka, ndipo msonkhano wopanda mzere ndi umodzi womwe ndi wofunika kuuwerenganso.

Kuyesa kwachiwiri kumafuna anthu awiri. Wina agwire maminitsi osayinidwa aziwerenga mokweza nambala ya ndime, ndalama ndi tsiku, winayo aziyang'ana pa tebulo. Owerengayo akhale amene sanatayipe, ndipo achoke ku maminitsi kupita ku tebulo, osati mobwerera, chifukwa kuyambira ku tebulo kumangotsimikiza zomwe zilimo, sikuonetsa zomwe zasiyidwa. Pamene ndalama zalembedwa m'manambala ndi m'mawu, zonse ziwiri ziwerengedwe. Zikasiyana, musasankhe, lembani funso.

Kuyesa kwachitatu n'kochokera kunja. Pemphani a ku akaunti mndandanda wa malipiro onse a chakacho opitirira malire amene mkulu wa bungwe amaloledwa kuvomereza yekha. Malipiro aliwonse otere ayenera kukhala ndi mzere wake m'kaundula, wokhala ndi tsiku la m'mbuyo mwa tsiku lolipira. Akasowa, pali zinthu zitatu zotheka: mwadumpha chigamulo, pali chigamulo cha pa kalata chimene sichinakufikeni, kapena ndalamazo zinatuluka popanda chilolezo. Ziwiri zoyambazo ndi zanu kukonza. Chachitatucho muchipereke kwa wapampando kapena komiti yoona za maoditi mmene chilili, ndipo musayese kuchitseka ndi mzere wongopeka.

Malire a kaundula ndi kasungidwe kake

Pa tsamba loyamba lembani kuti kaundulayu ndi cholozera chabe, ndipo pakakhala kusiyana, maminitsi osayinidwa ndi amene ali ndi mphamvu. Banki kapena loya adzafuna kope lotsimikizidwa la chigamulo chenichenicho, osati mzere wa m'tebulo, ndipo ntchito ya danga la Gwero ndi kukufikitsani pa tsambalo msanga. Kaundula sakuuzani ngati msonkhano unali ndi mamembala okwanira kapena ngati membala wokhudzidwa ndi nkhaniyo anatuluka povota. Ngati bungwe lanu limafunsidwa zimenezi kawirikawiri, onjezerani danga, koma muzikopera zomwe maminitsi akunena basi. Sakuuzaninso ndalama zomwe zinawonongedwa. Galimoto ija mwina inagulidwa pa 51,800,000, koma nambala imeneyo ndi ya m'mabuku a akaunti, isalowe m'danga la Ndalama.

Kufufuza kukaphweka, zinsinsi nazo zimaphweka kuzipeza. Malipiro a antchito, milandu ya mwambo ndi nkhani za kukhoti zinali zokwiririka m'masamba, tsopano zili pa sefa imodzi. Mizere yotere isiyeni m'kaundula wamkulu ndi nambala, tsiku ndi mawu oti "chinsinsi, onani kwa mlembi wa bodi", ndipo tsatanetsatane wake akhale m'fayilo ina yotsekedwa. Kubisa mizere kapena madanga m'fayilo yomweyo si chitetezo, aliyense amatha kuwabwezeretsa.

Wosintha fayilo akhale mmodzi, enawo alandire yongowerenga. Chaka chikatsekedwa, sungani kope la PDF ndi la CSV pambali pa fayilo yaikulu, mukudziwa kuti CSV imasunga tsamba limodzi lokha, ndipo mafomula ndi mindandanda yosankhapo siisunga. Zigamulo za chaka chotsatira muzipitirize pansi pa tebulo lomweli, chifukwa chigamulo cha 2025 chidzatha kusintha cha 2024, monga lendi ija ikadzakwera, ndipo danga la Chikukhudza liyenera kupeza mzere umene likuulozera. Kuyambira pamenepo, lowetsani zigamulo za msonkhano uliwonse maminitsi ake akangolembedwa, muziike pa "maminitsi sanavomerezedwe", ndipo muchotse chizindikirocho tsiku limene wapampando wasayina.